Tsamba la malonda silikubala: mudikire kapena mulisiye?

Pa msonkhano wina wa banki m'khonde, titamaliza kusonkha masheya, mayi wina wophika makeke anatulutsa foni n'kundionetsa tsamba lake la pa Facebook. "Achimwene, taonani. Sabata yachitatu ino ndikuika zithunzi, koma wogula ngakhale mmodzi. Ndingolisiya kodi?" Ndisanatsekule pakamwa, mnzake wogulitsa zitenje analowerera: "Inu amayi, masabata atatu okha mwatopa kale? Ine pa Instagram chaka chachiwiri chino, ndikudikirabe."

Anthu anaseka, koma ine ndinaona kuti onse awiri akudwala nthenda imodzi. Wina akufuna kufukula mbewu isanamere, wina akuthirira chitsa. Palibe mwa iwo amene anali atalemba penapake kuti akudikira chiyani, ndipo adzadikira mpaka liti. Mafunso amene ali m'munsimu ndi amene amalonda ang'onoang'ono amandifunsa kawirikawiri, ndipo ndiwayankha potsatira geni ya makeke yomweyi, chifukwa nkhani ikakhala ndi mwini wake imamveka msanga.

Kodi zotsatira zimayamba kuoneka pakapita nthawi yaitali bwanji?

Choyamba tigwirizane kuti zotsatira n'chiyani. Pali makwerero atatu. Loyamba ndi lakuti anthu aone zimene mwaika. Lachiwiri ndi lakuti wina akulembereni kuti "bwanji imeneyi?" kapena "muli mbali iti?" Lachitatu ndi lakuti foni ilire, uthenga wa Airtel Money kapena TNM Mpamba ulowe. Khwerero loyamba lingachitike tsiku lomwelo, ndipo n'chifukwa chake limapusitsa. Malaiki sagula ufa. Ambiri mwa amene amadina chala m'masabata oyamba ndi achibale, anzanu a kutchalitchi ndi amene munaphunzira nawo, anthu okufunirani zabwino amene mwina sadzagula keke chaka chonse.

Muyeso umene ine ndimapereka kwa wogulitsa zinthu zogulidwa pafupipafupi, monga makeke a tsiku lobadwa, nkhuku, zovala za kaunjika kapena mafuta odzola, ndi masabata 12. Si lamulo la kampani iliyonse, ndi maganizo anga, ndipo chifukwa chake n'chapafupi. M'masabata 12 mumadutsa malipiro a mwezi katatu. Munthu wa pa ntchito amene waona keke yanu pa 10 sagula pa 10. Amasunga chithunzicho mumtima, n'kudikira kuti kumapeto kwa mwezi kufike, ndiponso kuti mwana wake akwanitse zaka. Mukaweruza tsamba pa sabata yachitatu, mwaweruza mwezi umodzi usanathe n'komwe.

Koma masabata 12 amenewa ndi a ntchito, osati a pa kalendala. Ngati mumaika chinthu katatu pa sabata, ndiye kuti pomafika kumapeto mwaika maulendo 36, ndipo muli ndi poyambira kuona chimene anthu amakonda. Amene anaika zithunzi zisanu tsiku limodzi mu Januwale n'kudzakumbukanso mu Epulo asanene kuti wayesa miyezi itatu. Wayesa masiku awiri.

Nanga masamba onse amatenga nthawi yofanana?

Ayi, chifukwa sagawa zinthu mofanana.

WhatsApp ndiye wofulumira kuposa onse. Sitetasi imakhala maola 24 okha, ndipo kuti munthu aione pafunika kuti iye asunge nambala yanu, inunso musunge yake. Ndiye kuti oonerera anu ndi anthu okudziwani kale. Kukhulupirirana kulipo, chatsala n'kukumbutsa. Ngati muli ndi manambala mazana angapo, mukaika makeke tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri kapena atatu popanda wofunsa mtengo, vuto si nthawi. Onani katundu, mtengo kapena zithunzi. Malire a WhatsApp ali mbali ina: sakubweretserani alendo. Ngakhale mndandanda wotumizira uthenga kwa anthu ambiri nthawi imodzi, umene pa foni umatchedwa broadcast list, umalola anthu 256 okha, ndipo amene sanasunge nambala yanu uthengawo sumufika.

Tsamba la Facebook limachedwa. Mu Januwale 2018 Mark Zuckerberg analengeza kuti Facebook iyamba kuika patsogolo zolemba za achibale ndi abwenzi kuposa za makampani ndi masamba a nkhani. Choncho kukhala ndi otsatira 2,000 sikutanthauza kuti anthu 2,000 aona keke yanu. Amaiona ochepa chabe, pokhapokha ikayambitsa ndemanga ndi kugawana. Apa ndiye pofunika miyezi itatu ija yathunthu, ndipo nthawi zambiri ogula oyamba amachokera m'magulu a malonda a m'dera lanu, osati pa tsamba lenilenilo.

TikTok ndi wina. Gawo lake la For You limaonetsa kanema kwa anthu amene sakukutsatani n'komwe, ndiye munthu woyamba dzulo angathe kudzuka n'kupeza kuti anthu zikwizikwi amuonera. Kukoma kwake n'komweko, msampha wakenso n'komweko. Oonererawo ali kuti? Tibwererakonso.

Ndimaphika makeke a ukwati. Miyezi itatu yatha popanda oda. Ndalephera?

Mwina ayi. Funsani kuti munthu amatenga nthawi yaitali bwanji kuchokera tsiku limene waona katundu wanu kufika tsiku lopereka ndalama. Keke ya ukwati simagulidwa ndi munthu mmodzi. Mkwatibwi amaiona, amaitumiza ku gulu la komiti, komiti imakhala pansi, azakhali amanena kuti akudziwa wina wotchipa, kenako amabwerera kwa inu ukwati utatsala mwezi. Zonsezi zingatenge theka la chaka. Chimodzimodzi wopala mipando, wogulitsa mapuloti ndi wokongoletsa maholo.

Palinso nyengo. Amene wayamba tsamba mu Januwale wayamba pa nthawi imene ndalama za Khirisimasi zatha, fizi ikufunika, feteleza wachiwiri akufunika, ndipo chimanga chakwera mtengo. Maukwati ambiri amabwera mvula itatha, anthu atakolola ndi kugulitsa. Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, limadzutsa msika wa zitenje ndi makeke kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Mukayerekeza Febuluwale ndi Okutobala mudzanamizira tsamba mlandu wa nyengo. Kwa geni yodalira nyengo, musagamule musanadutse nyengo yanu ya malonda kamodzi. Chimene mungayang'ane podikira ndi khwerero lachiwiri lija: kodi ofunsa mitengo ndi masiku akuchuluka mwezi ndi mwezi?

Ndingadziwe bwanji kuti tsamba liti likundibweretsera ndalama?

Ndi kope la ana a sukulu ndi funso limodzi. Masamba ali ndi manambala awoawo, pa Facebook ndi Instagram mumawapeza pa Insights, koma iwo amawerenga maso ndi zala. Ndalama zimalowera ku foni kapena m'manja, kumene Facebook siona. Choncho aliyense wofunsa mtengo mulembeni m'kope: tsiku, chimene wafunsa, kumene ali, ngati wagula, ndi yankho lake pa funso lakuti "munationa koyamba kuti?" Mawu akuti *koyamba* musawasiye. Muona chifukwa chake.

Tiyerekeze kuti mayi uja amakhala ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo wasunga kope lotere kwa masabata 12. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu mudzaikepo anu. Tinene kuti pa keke iliyonse, akachotsa ufa, mazira, shuga, makala kapena magetsi, amatsala ndi K10,000.

Pa WhatsApp amathera maola awiri pa sabata, onse pamodzi 24. Afunsa anthu 40, agula 18. Pa Facebook amathera maola atatu pa sabata, onse pamodzi 36. Afunsa 30, agula 6. Pa TikTok pamapita maola asanu pa sabata, pakuti kanema amafuna kujambula, kudula, kuika nyimbo ndi kudikira netiweki. Onse pamodzi 60. Kanema mmodzi anaoneredwa kambirimbiri mpaka ana ake anamutcha selebu. Afunsa 9, wagula mmodzi.

Mukangoona pamwamba, WhatsApp wabweretsa K180,000, Facebook K60,000, TikTok K10,000. Munthu angafulumire kunena kuti Facebook naye achoke, atsale WhatsApp yekha. Apa ndi pamene funso lija limagwira ntchito. Mayiyu atabwerera m'kope akupeza kuti mwa anthu 18 amene anamalizira malonda pa WhatsApp, 7 anayankha kuti anaona keke koyamba pa Facebook, n'kutenga nambala pamenepo. Ndiye mlandu wasintha: Facebook wabweretsa ogula 13, WhatsApp 11. Facebook ndi khomo, WhatsApp ndi pabalaza pokambirana. Mukatseka khomo, pabalaza padzatsala nkhope zakale zokhazokha.

Tsopano gawani phindu ndi maola. Facebook: K130,000 pa maola 36, pafupifupi K3,600 pa ola. WhatsApp: K110,000 pa maola 24, pafupifupi K4,600 pa ola. TikTok: K10,000 pa maola 60, osafika K200 pa ola, ndipo sitinachotse bandulo, pomwe kukweza makanema ndiko kumadya bandulo kuposa china chilichonse. Akachotsa, waluza.

Chatsala chinthu chimodzi, ndipo kwa ine ndicho chachikulu: njira imene manambala akulowera. Ofunsa 30 a pa Facebook anabwera motere: mwezi woyamba 4, wachiwiri 9, wachitatu 17. Chinthu chikukula. A pa TikTok: 4, kenako 3, kenako 2. Ndipo m'danga la "ali kuti" mwalembedwa Mzuzu, Blantyre, Joni, Joni. Keke ya kirimu singakwere basi ya ku Joni. Mayiyu amapereka katundu wake pa kabaza kapena pa minibasi mkati mwa Lilongwe, ndiye woonerera wa ku Mzuzu, ngakhale atamukonda chotani, ndi mlendo wodutsa.

Sindikunena kuti TikTok ndi woipa. Kwa woimba, wa nthabwala, kapena wogulitsa zitenje zimene angazitumize pa basi kulikonse, oonerera akutali omwewo ndi msika. Kwa wophika makeke wa ku Area 25, kope lanena kuti maola 60 aja akanapita ku uvuni.

Ndikalipira kuti Facebook ionetse katundu wanga, si ndiye kuti zifulumira?

Zifulumira ndithu, koma chimafulumira ndi kuonedwa. Mukadina Boost post, malonda anu akavomerezedwa, kawirikawiri tsiku lisanathe, anthu amayamba kuwaona. Zimene mudzakolole zimadalira cholinga chimene mwasankha. Mukasankha kuti anthu adine ndi kuyankhapo, makina adzakusakirani anthu okonda kudina, ndipo mudzadzaza nkhokwe ndi malaiki. Wogulitsa asankhe cholinga cha mauthenga, aikenso malire a dera kuti ndalama zisathere pa anthu amene kabaza sangawafike.

Kampani ya Meta, mwini wa Facebook ndi Instagram, imafotokoza kuti malonda olipira amayamba ndi nyengo yophunzira, imene pa sikirini imalembedwa kuti Learning. Makina amakhala akuyesa anthu osiyanasiyana, ndipo amakhazikika akapeza zotsatira pafupifupi 50 m'sabata imodzi. Mukasintha chithunzi, mawu kapena gulu la anthu amene mukuwafuna, kuphunzirako kumayambiranso. Ndiye amene amaika lero, mawa n'kusintha, mkuja n'kuimitsa chifukwa mtima wagunda, amalipira fizi ya mwana wobwereza kalasi chaka ndi chaka. Wa ndalama zochepa mwina sangafike pa 50 pa sabata, koma phunziro lake n'lomwelo: ikani ndalama imene mungaipirire, musakhudze kwa sabata yathunthu, ndipo muweruze pakatha masabata awiri.

Kuweruza kwake ndi masamu a sitandade 5. Mwalipira K20,000, kwabwera mauthenga 25, agula atatu. Wogula aliyense wakudyerani pafupifupi K6,700 pa phindu la K10,000. Mwatsala ndi kangachepe, koma ngati mmodzi mwa atatuwo adzabwerenso mu Disembala, mwapindula. Akagula mmodzi yekha, mwagula kasitomala pa K20,000 kuti akupatseni K10,000. Imitsani.

Ndingowonjezapo mwachidule za anyamata amene amalonjeza kukugulitsani otsatira zikwi zisanu usiku umodzi. Otsatira amenewo sadya keke. Choipa kwambiri n'chakuti amasokoneza manambala anu, moti simudzadziwanso ngati tsamba likukula kapena latupa.

Ndisanalisiye tsamba, ndiyambe ndaona chiyani?

Muone ngati wolakwa si inuyo. Ndimanena izi mwaulemu, koma masamba ambiri amene eni ake amati "sakuyenda" ndikawatsegula ndimapeza funso la kasitomala la Lachiwiri litayankhidwa Lachisanu. Munthu wofuna keke ya Loweruka amalembera anthu atatu nthawi imodzi, ndipo amapereka dipoziti kwa amene wayankha koyamba. Ndimapezanso mtengo wobisidwa, aliyense wofunsa n'kumuuza kuti abwere kumbali. Ena amabweradi, koma ambiri amaganiza kuti mtengo ukubisidwa chifukwa ndi woopsa, kapena kuti umasintha malinga ndi nkhope. Ndimapeza tsamba losanena kuti mwini wake ali mumzinda uti. Ndimapeza zithunzi zojambulidwa usiku pansi pa babu, keke yoyera ikuoneka ngati ya chikasu, kapenanso zithunzi zotola pa intaneti zimene aliyense akuona kuti sizinaphikidwe m'Malawi muno.

Pamene pakudontha pamadziwika ndi makwerero aja. Ngati oona ndi ochepa, vuto ndi kufikira anthu: mwina muli pa tsamba limene ogula anu kulibe. Ngati oona ndi ambiri koma wofunsa palibe, vuto ndi chimene mukuonetsa, kapena oonawo si anu. Ngati ofunsa ndi ambiri koma onse amathera pa "ndikuuzani", tsamba lagwira ntchito yake. Vuto lili pa mtengo, pa mayankhidwe kapena pa kukhulupirika, ndipo mukasamukira kwina mudzalinyamula.

Konzani chinthu chimodzi, mupatse masabata anayi, muonenso kope. Mukasintha zonse nthawi imodzi simudzadziwa mankhwala amene achiza.

Ndiye tsiku lolisiya ndi liti?

Ndi tsiku limene zinthu zitatu zakumana. Mwagwira ntchito mokhulupirika nthawi yonse imene munaika, masabata 12 kapena nyengo yathunthu. Mwakonza zolakwika zoonekeratu n'kupatsanso mwezi. Ndipo ofunsa enieni, a m'dera limene mungafikeko, sakuchuluka, pomwe maola omwewo akubala zambiri kwina. Zikatero musadikire chaka chachiwiri ngati mayi wa zitenje uja.

Ndikudziwa chimene chimagwira mwendo. "Ndataya kale nthawi yambiri, ndingasiye bwanji pano?" Nthawi yotayika ndi madzi otayika, saoleka, ndipo kuwonjezera miyezi ina sikungaibweze. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti tsiku loweruza ndi muyeso wake zilembedwe pa tsamba loyamba la kope musanayambe n'komwe, mtima usanakondere: "Pofika pa 30 Juni, ngati tsamba ili silikundipatsa ofunsa asanu a mu Lilongwe pa mwezi, ndilisiya." Nambalayo musankhe nokha malinga ndi phindu lanu. Chofunika n'chakuti ilembedwe.

Munthu wogwira ntchito yekha, amene ali wophika, wojambula, woyankha mafoni ndi wokagula ufa, masamba awiri amukwanira. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kodi alipo makampani akuluakulu amene anasiyapo?

Alipo. Mu Epulo 2018 kampani ya ku Britain ya malo omwera ndi kudyera yotchedwa J D Wetherspoon inatseka masamba ake onse a Twitter, Facebook ndi Instagram, ndipo mkulu wake Tim Martin ananena poyera kuti sakukhulupirira kuti kutero kuononga malonda. Kampani ya sopo ndi zodzola ya Lush, ya ku Britain komweko, inalengeza zochoka mu 2019, inabwerera m'nthawi ya mliri wa korona, kenako mu Novembala 2021 inasiya Facebook, Instagram, TikTok ndi Snapchat, ponena kuti masambawa akuvulaza anthu, makamaka achinyamata.

Koma musatengere. Awa ali ndi mashopu mazanamazana m'misewu ikuluikulu, ndipo munthu amawaona akungodutsa. Mayi wophikira kuseri kwa nyumba ku Area 25 alibe chikwangwani china koma foni yake. Iye angasiye tsamba limodzi, osati onse.

Palinso mbali ina imene anthu saiganizira: nthawi zina tsamba ndilo limakusiyani. Vine, tsamba la makanema a masekondi 6, linatsekedwa mu Januwale 2017. Google+ inatsekedwa mu Epulo 2019. Dziko la India linaletsa TikTok mu Juni 2020, ndipo ku Nigeria boma linaimitsa Twitter kuyambira Juni 2021 mpaka Januwale 2022. Amene makasitomala awo onse anali m'menemo anadzuka opanda msika. Kuno kwathu chofala n'kuberedwa akaunti kapena foni. Kope lija likhalenso ndi manambala a ogula anu, olembedwa ndi bolopeni.

Posiya, ndifufute zonse?

Musafufute. Tsamba lofufutidwa limasiya dzina lanu pa mtetete, ndipo wakuba angatsegule lake ndi dzina lomwelo, n'kuika zithunzi zanu, n'kumalandira madipoziti a anthu. Lisiyeni liime, koma lisaoneke ngati nyumba ya masiye. Ikani uthenga womaliza, muukhomere pamwamba, wonena kuti geni ikuyenda ndipo mukupezeka kuti. M'danga la mbiri yanu ikani linki yopita molunjika ku WhatsApp. Imalembedwa motere, nambala yanu ikutsatira 265, popanda ziro woyamba ndiponso popanda chizindikiro cha kuphatikiza:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX
```

Koperani zithunzi ndi makanema anu muwasunge pena, chifukwa munawavutikira ndipo angagwire ntchito pa tsamba limene mwatsala nalo. Mawu achinsinsi olowera alembeni malo obisika. Kamodzi pa mwezi suzumiranimo, muone ngati wina wasiya uthenga.

Mayi wa makeke uja ndinakumana nayenso patapita miyezi, pa depoti, atanyamula bokosi loyera m'manja onse awiri ngati khanda. Facebook sanaisiye. Ndinamufunsa za kope. Anati analiyamba, koma mwana wake wamng'ono anang'ambamo mapepala apakati n'kupangira ndege, ndiye pano amalemba kuseri kwa kalendala, pamwamba pomwe mwanayo safikira.